Buku la handova pa risepushoni: zomwe wa usiku ayenera kumusiyira wa m'mawa

Ndagwira pa risepushoni ya kahotela ka zipinda 14 kuno ku Blantyre kwa zaka ndithu, nthawi yambiri shifiti ya usiku, yolowa 10 koloko kuweruka 6 m'mawa. Anzathu amene angoyamba kumene amandifunsa mafunso omweomwewo, ndiye ndati ndingowayankha pamodzi. Mitengo ndi manambala a zipinda omwe ali m'munsimu ndi ongopereka chitsanzo, kwanuko ikani anu.

Kodi kulemba n'kofunikiradi? Si ndingangowauza pakamwa asisi a m'mawa akafika?

Auzeni pakamwa inde, koma mulembenso. Ikamakwana 6 koloko inu mwakhala maso usiku wonse, mutu ukuganiza za minibasi yopita ku Chilomoni basi, ndipo mnzanuyo akungofika kumene, chikwama sanatule n'komwe, kutsogolo kwake kuli kale mlendo wanyamula sutikesi akufuna bilu yake. Mwa zinthu 8 zomwe mumuuze pamenepo agwira zitatu. Zisanu zinazo ndi zomwe zimakudzutsani pa foni cha m'ma 9 mutangogona kumene, ndipo foni ikakhala yothima ndiye kuti mawa mukumana ndi abwana.

Ine muyeso wanga ndi umodzi: ndikamaliza kulemba ndimadzifunsa, foni yanga itagwera m'madzi panopa, wa m'mawayu angagwire ntchito mpaka masana osandifuna? Ngati pali pena pomwe angayime n'kunena kuti "apapa ndiwafunse kaye", pamenepo ndiye sindinamalize.

Ndiyambe ndi chani pamwamba pa tsamba?

Deti, dzina lanu, nthawi yomwe mwalowa ndi yomwe mukuweruka. Kenako chinthu chomwe chichitike msanga kuposa zonse, osati chomwe chinayamba kuchitika usiku. Apa ambiri amalakwitsa, amalemba ngati nthano, kuyambira 10 koloko mpaka kucha, ndiye nkhani ya mlendo wofuna takisi 6:30 ili pansi penipeni pa tsamba lachiwiri, pamwamba pali za bawa kuti inatsekedwa bwino. Wa m'mawa amawerenga mizere itatu yoyamba kenako foni ikulira. Ndiye mizere itatuyo ikhale ya zinthu zosachedwetseka: wodzutsidwa, wonyamuka m'mawa, yemwe asachoke asanalipire.

Ndipo muzilemba usiku womwewo chinthu chikangochitika, pa kapepala kapadera, ndi nthawi yake. Cha m'ma 5 ndiye mumakopera m'buku mwadongosolo. Kudikira kuti mukumbukire zonse kukacha ndi bodza limenelo.

Za ndalama ndilembe bwanji kuti mawa asandinene kuti ndashotetsa?

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu amachotsedwera ntchito, ena osaba n'komwe, kungolemba mosokonekera.

Musalembe nambala imodzi yokha ngati "kashi K126,500". Nambala imeneyo payokha siuza munthu kalikonse. Payenera kuoneka zinthu zinayi: floti, kunena ndalama yoperekera tchenji yomwe munalandira polowa, zomwe zalowa, zomwe zatuluka, ndi zomwe zili m'dirowa panopa mutawerenga ndi manja. Tiyeni titenge usiku wa Lachinayi lina. Polowa ndinasainira floti ya K50,000. Cha m'ma 11 kwabwera bambo opanda bukingi, ndawapatsa rumu 6, alipira K65,000 kashi. A ku rumu 9 anali ndi balansi ya K30,000, atsika kudzamaliza chifukwa anyamuka m'mawa. Madzi ndi zakumwa za mu filiji ya pa risepushoni ndagulitsa za K4,500. Zolowa zonse K99,500. Magetsi atathima ndawapatsa alonda K20,000 kuti akagule dizilo wa jenereta, abwera ndi lisiti, komanso K3,000 ya mabatire a tochi. Zotuluka K23,000. Ndiye 50,000 kuphatikiza 99,500 kuchotsa 23,000, m'dirowa muyenera kukhala K126,500. Pamenepo K50,000 imatsala ngati floti ya m'mawa, K76,500 imalowa mu envelopu, mwalembapo deti ndi dzina lanu, malisiti a dizilo ndi mabatire mwamata komweko, yapita mu sefa.

Tsiku limenelo nditawerenga ndinapeza K116,500. Teni sauzande palibe. Mtima unagunda ndithu, koma ndikuuzeni, kushota kwa nambala yozungulira bwino chonchi, 10,000 kapena 20,000 ndendende, kawirikawiri si tchenji cholakwika ayi, tchenji chimasokoneza ndi ma 500 ndi ma 200. Nambala yoteroyo imakhala malipiro omwe mwawaika pa njira yolakwika. Nditabwerera m'malisiti ndi m'mameseji a foni ya hotela ndinapeza kuti a rumu 9 aja anapereka K20,000 pamanja, K10,000 yotsalayo anatumiza pa Airtel Money chifukwa kashi inawathera, ine ndi tulo tanga ndinalemba yonse ngati kashi. Ndiye zenizeni zake m'dirowa K116,500, mu envelopu K66,500, ndipo zinagwirizana. Ndikanangolemba nambala imodzi ija sindikanadziwa poyambira kufufuza.

Flotiyo muilembenso mmene ilili, mwachitsanzo ma K5,000 asanu ndi limodzi, ma K2,000 asanu, ma K1,000 asanu ndi awiri, ma K500 anayi, ma K200 asanu. Zikuoneka ngati kuchulutsa ntchito koma wa m'mawa akaona kuti floti yonse ndi ma 5,000 okhaokha amadziwiratu kuti atume munthu akasinthe asanayambe kutuluka alendo, osati kumathamangira ku kichini kukapempha tchenji mlendo ali chiimire.

Mukapeza kuti zashotadi ndipo mwafufuza osapeza, lembani momwemo: zikuyenera kukhala zakuti, ndapeza zakuti, kusiyana kwake n'kwakuti. Musabwezeremo zanu mwakachetechete, musasinthenso nambala. Ndipo muwerengere limodzi ndi wolandirayo, nonse musaine.

Nanga za Mpamba, Airtel Money ndi khadi?

Izi zikhale pazokha, zisasakanikirane ndi kashi ngakhale pang'ono. Pa malipiro aliwonse lembani rumu, ndalama zake, nthawi, ndi nambala ya malipiro ija imabwera mu meseji. Chachikulu, lembani ngati meseji mwaiona pa foni ya hotela ndi maso anu kapena mlendo wangokuonetsani pa foni yake. Zinthu ziwirizi si zofanana. Munthu atha kukuonetsani sikirinishoti yoona ndithu koma ndalama anatumiza ku nambala yolakwika, kapena netiweki inavuta ndalama n'kubwerera kwa iye. Mukatero mumalemba kuti: rumu 11, akuti atumiza K65,000 pa Mpamba 11:40, pa foni yathu sinafike, muone balansi asanatuluke. Musalembe kuti "alipira".

Kamakina ka khadi nakonso kali ndi zake. Usiku netiweki ikamavuta kamatha kukana koyamba, mwabwereza, kalola, koma mlendo akulandira mameseji awiri a ku banki kuti zachotsedwa kawiri. Timapepala tonse tiwiri, kokana ndi kolola, sungani ndipo mutchule m'buku, chifukwa mlendoyo m'mawa abwera nayo nkhaniyo kwa munthu yemwe sanalipo.

Alendo a kampani kapena a mabungwe omwe salipira okha, pali chapadera?

Chilipo. Lembani kuti bungwe likulipira chani ndipo mlendo akulipira chani. Nthawi zambiri bungwe limatenga chipinda ndi chakudya cham'mawa basi, mowa ndi zochapitsa ndi za mwini wake. Mukangolemba kuti "rumu 4 ndi ya invoisi", wa m'mawa amutsanzika bwinobwino mlendo ndi kumwetulira, bilu ya ku bawa ya K18,000 itatsala, ndipo munthuyo pofika masana ali ku Ntcheu. Lembaninso ngati wasaina kale pa bilu, chifukwa invoisi yopanda siginecha ya mlendo ku maofesi ena imangobwezedwa.

Wina wapempha kudzutsidwa ndi takisi ya ku Chileka. Ndikalemba "rumu 3 takisi m'mawa" sizokwanira?

Ayi sizokwanira. Nthawi yanji? Takisi yaitanidwa kale kapena wa m'mawa ndiye aitane? Dalaivala wake ndi uti mwa omwe timagwira nawo, ndipo wavomera kapena munangotumiza meseji osayankhidwa? Mtengo munagwirizana zingati, alipira ndani, mlendo pamanja kapena ilowa pa bilu? Ndimalemba chonchi ine:

Rumu 3, mayi, ndege ku Chileka. Ndawadzutsa 5:30, ayankha. Takisi ifika 6:30, dalaivala wathu wa masiku onse, ndalankhula naye 5:40 wati ali m'njira. Alipira okha kwa dalaivala. Bilu yachipinda yatha, palibe chotsala. Apempha tiyi ndi buledi wonyamula, ndauza a ku kichini 5:45, sizinabwere pa desiki.

Onani mzere womalizawo. Ukunena chomwe sichinachitike, ndipo ndi umene wa m'mawa akufunika kwambiri. Ya ku Chileka musaiseweretse, msewu wake m'mawa umadzadza anthu akamalowa m'tauni ndi ana asukulu, ndiye dalaivala akachedwa kufika kwa inu ndi mphindi 20 zokha mlendo wayamba kale kutukwana. Chimodzimodzi okwera kochi ya ku Lilongwe kapena okakwera basi ku Wenela, lembani nthawi yomwe akufuna kuchoka pa geti, osati nthawi yomwe basi inyamuke.

Kudzutsa komwe kukugwera pa nthawi yosinthana, 6 koloko ndendende kapena 6:15, ndi koopsa kuposa konse, aliyense amaganiza kuti mnzake wapanga. Nenani poyera kuti uyu ndamudzutsa, uyu ndakusiyirani.

Mlendo wafika 3 koloko usiku. Ndilembe kuti wabwera liti?

Lembani nthawi yeniyeni, komanso usiku womwe mwamuwerengera. Anthu ochokera ku Joni basi ikachedwa pa boda ya Mwanza amafika nthawi ngati imeneyi, otopa, mapazi otupa. Kwa ife wofika 3 koloko kukucha Lachisanu wagona usiku wa Lachinayi, ndiye nthawi yotuluka ndi 10 koloko m'mawa womwewo, koma iye m'mutu mwake akuona ngati walipira mpaka Loweruka. Muwafotokozere pomwepo akulipira, ndipo m'buku mulembe kuti mwafotokoza ndi zomwe mwagwirizana. Ngati mwawamvera chisoni n'kuwauza kuti atha kutuluka 12, lembani: ndawalola mpaka 12, osalipira zina. Muonjezere kuti oyeretsa zipinda asagogode rumu imeneyo m'mawa. Palibe chomwe chimakwiyitsa mlendo ngati kugogodedwa 8 koloko atagona 4.

Lonjezo lililonse lomwe mwapereka usiku ndi ngongole yomwe abweze ndi wa m'mawa. Kuchotsera mtengo, kusintha chipinda, kusunga katundu, bulangete lina nthawi ya chiperoni ija mu Juni ndi Julaye, zonsezo zilembedwe, komanso ngati abwana avomereza pa foni mutchule nthawi yomwe munawaimbira.

Nanga yemwe anabukitsa koma sanabwere?

Dzina la pa bukingi, rumu yomwe tinamusungira, dipoziti ngati analipira, ndi ngati mwayesa kumuimbira. Chomwe wa m'mawa akufuna kudziwa ndi chimodzi: chipindacho agulitse kapena adikire. Ngati munthuyo waimba kuti galimoto yafa ku Zalewa afika m'mawa, chipinda chisagulitsidwe. Ngati foni siikupezeka, nenani choncho, asankhe abwana.

Ndasamutsa mlendo chipinda usiku. Bola ndasintha mu kompyuta, eti?

Kompyuta siuza oyeretsa kuti bedi la mu rumu 5 linagonedwapo ola limodzi. Izi zinandichitikira ine ndemwe ndili watsopano. Bambo ena a mu 5 anadandaula cha m'ma 11 kuti madzi otentha sakutuluka, ndinawasamutsira mu 8, mu kompyuta ndinasintha bwinobwino, 5 inaoneka yopanda munthu. M'mawa kutabwera banja lina lofuna chipinda msanga, mnzanga anawapatsa 5 poganiza kuti ndi yoyera. Anakapeza thaulo lonyowa pansi, mashiti ofwanyika, madzi ozizirabe. Anatuluka osalipira ndipo sindiwada.

Ndiye mukasamutsa munthu lembani zinayi: wachoka muti wapita muti, chifukwa chake, chipinda chakalecho ndi chakuda ndipo chisagulitsidwe mpaka chikonzedwe, ndi kiyi wake ali kuti. Kiyiyo anthu amaiwala, mlendo amapita naye ku chipinda chatsopano ali m'thumba. Muwauzenso a ku bawa ndi ku kichini, apo ayi bilu ya chakudya ipitabe ku 5.

Zowonongeka ndizilembe motani kuti wokonza asavutike?

"Giza yafa" si uthenga umenewo. Lembani zomwe mwaona ndi zomwe mwayesa. Rumu 5 madzi otentha palibe, ozizira akutuluka bwino, swichi ya giza ndayatsa nyali yake siikuyaka, mu 4 ndi 6 madzi otentha alipo. Wokonza akawerenga zimenezo akudziwa kale kuti vuto ndi la giza imeneyo kapena magetsi ake, si madzi a nyumba yonse. Pomwe mukanalemba kuti zipinda zonse za m'mwamba madzi akutuluka pang'onopang'ono, akanayamba kukaona thanki ndi pampu.

Magetsi akathima lembani nthawi yomwe athima, yomwe jenereta yayaka, yomwe abwera, ndi dizilo watsala wochuluka bwanji, olo mongoyerekeza kuti theka la chigubu. Abwana amafananiza maola a jenereta ndi dizilo wogulidwa, ndiye nambala zanu ndi zomwe zimakutetezani inu ndi alonda. Madzi a m'mipopi akasiya usiku lembaninso nthawi yake ndipo muwafunse alonda kuti thanki ili pati, chifukwa 6 mpaka 8 aliyense akusamba, kichini ikutsuka, ochapa akufuna kuyamba. Wa m'mawa akadziwa msanga amauza ochapa kuti adikire kaye.

Mlendo wabwera ndi mnzake usiku, kapena kunali phokoso. Ndilembe zonse?

Lembani zomwe zikukhudza ntchito, miseche isiyeni. Buku ili amawerenga anthu ambiri, nthawi zina limatsala lotsegula pa desiki, ndipo tsiku lina litha kufunidwa ndi apolisi. Ngati mu rumu 7 munalembedwa munthu mmodzi koma agona awiri, lembani kuti muli anthu 2, wachiwiri walembetsa pa fomu kapena wakana, mtengo wasintha kapena ayi, chakudya cham'mawa ndi cha awiri. Basi. Kuti mayiyo anavala bwanji, kuti bamboyo mumawadziwa ndi a mpingo wakuti, zimenezo si za m'buku, ndipo kunena zoona si za pakamwa panunso.

Za phokoso kapena mkangano lembani nthawi, yemwe anadandaula, zomwe munachita ndi mmene zinathera. 1:15 a mu 10 adandaula wailesi ya mu 12, ndagogoda ndi alonda, achepetsa, 1:30 kuli zii. Musalembe kuti "analedzera ngati chani". Ngati wina wadwala mpaka kupita naye ku Queens kapena ku chipatala china, lembani nthawi, anapita ndi ndani, katundu wake ali kuti, chipinda mwakhoma, ndipo abwana muwaimbire usiku womwewo osadikira buku.

China chofunika: wina akaimba kapena kubwera pa geti kufunsa kuti "amuna anga ali kumeneko?" kapena akufuna nambala ya chipinda cha mlendo, inu simunena, koma mulembe kuti kunabwera wofunsa, nthawi yakuti, sindinawauze kanthu. Munthu yemweyo amabweranso m'mawa n'kunena kuti "achimwene a usiku aja anati ndibwere mundionetse", ndiye mnzanu akhale akudziwa kuti simunanene choncho.

Katundu wosungitsa ndi zotayika?

Chomata pa chikwama chokhala ndi rumu ndi deti, m'buku mulembe ndi zingati, zili kuti, adzatenga ndani ndipo liti. Ngati adzatenge ndi munthu wina osati mwini wake, zilembedwe. Foni kapena tchaja chotoledwa ku bawa, lembani anatola ndani ndi pomwe mwachiika.

Kungotumiza pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito sikungakwane?

Gululo ndi labwino pochenjeza msanga, monga kuwauza asisi a m'mawa ali m'njira kuti agule tchenji. Koma uthenga wa pa foni umakwiririka ndi ma "mwadzuka bwanji" ndi mavesi, wina alibe bandulo, wina atha kufufuta zomwe analemba. Buku lili ndi masamba osang'ambika ndi masiginecha awiri. Komanso musamajambule chiphaso kapena pasipoti ya mlendo n'kuponya pa gulu, mmenemo muli anthu ena omwe anasiya kale ntchito koma sanachotsedwe.

Mukalakwitsa m'buku, dulani mzere umodzi kuti zakalezo zizionekabe, lembani zoona pambali, sainani. Osapaka utoto woyera uja, makamaka pa nambala za ndalama.

Usiku wadutsa popanda chochitika. Ndilembebe?

Eya. Ndalama ndi floti mulemba ndithu, zipinda zomwe muli anthu ndi zingati, otuluka lero ndi ati, chakudya cham'mawa ndi cha anthu angati kuti a ku kichini adziwe mazira ndi buledi. Kenako "palibe odzutsidwa, palibe zowonongeka, magetsi sanathime". Tsamba lopanda kanthu wa m'mawa sadziwa ngati kunali bata kapena munagona. Muonenso tsamba la dzulo, ngati pali chomwe sichinathe, monga giza ya mu 5 ija, muchilembenso lero ndi kunena kuti ndi tsiku lachiwiri, apo ayi chimafera pa tsamba lakale.

Wa m'mawa wachedwa, 6:30 yakwana sanafike. Ndisiye buku kwa alonda ndizipita?

Ayi, desiki ndi dirowa ya ndalama sizisiyidwa kwa alonda, ndi kuwaika pa mavuto madala aja pa chinthu chomwe sanasainire. Muimbireni mnzanuyo, akapanda kuyankha imbirani abwana, anene okha woti alandire. Podikirapo chilichonse chomwe mwachita ikadutsa 6 muchionjezere pansi ndi nthawi yake, ndipo ngati mwalandira ndalama ina muwerengenso dirowa, chifukwa nambala yomwe munalemba 5:30 ija yasintha. Akafika musamuponyere buku muli pa khomo. Mphindi khumi zokha: awerenge yekha inu muli pomwepo, afunse pomwe sakumva, muwerenge floti limodzi, muone makiyi pa bolodi ngati akugwirizana ndi zipinda zopanda anthu, foni ya hotela ndi kiyi wa sefa mumupatse m'manja, asaine nthawi yeniyeni yomwe walandira, 6:50 ikhale 6:50 osati 6:00.